Mapira Alibe Mlandu, Funsani Sefa

Mapira alibe guluteni. Ndayamba ndi yankho chifukwa ndikudziwa kuti ambiri a inu mumawerenga pa foni, diso limodzi lili pa mabandulo. Munthu wodwala siliyaki, matenda amene thupi limamenyana ndi tirigu, angadye nsima ya mapira, phala la mapira ndi thobwa la mapira popanda kuvulaza matumbo ake. Pamenepa palibe mkangano.

Funso lachiwiri ndilo lovuta: kodi mapira angalowe m'malo mwa tirigu? Yankho langa ndi lakuti m'mimba angalowe, koma m'mtanda wa buledi salowa okha, amafuna owathandiza. Palinso chinthu chachitatu chimene anthu safunsa, pamene ndicho chimadwalitsa: njira imene mapirawo ayenda kuchokera m'thumba la pamsika mpaka m'mbale. Zimenezi ndinayamba kuzidziwa m'mabuku a sayansi amene ndimaphunzitsa ku Matero, koma ndinazimvetsa bwino m'nyumba ya zipinda ziwiri ya mng'ono wanga ku Chawama.

Tiyambe ndi guluteni. Chaka chilichonse ndimauza ana a m'kalasi langa kuti akande mitanda iwiri, wina wa fulawa, wina wa unga wa mapira, kenako autsuke uliwonse m'beseni la madzi monga akuchapa sokisi. Wa fulawa umatulutsa madzi oyera ngati mkaka, ndipo m'manja mumatsala kanthu kotuwa, kotanuka ngati chingamu. Ameneyo ndiye guluteni, puloteni wa tirigu. Wa mapira umangosungunuka wonse, m'manja osatsala kanthu. Mapira nawo ali ndi puloteni wawo, dzina lake kafirini, koma kapangidwe kake ndi kena. Pa mtundu, mapira ndi abale a chimanga ndi nzimbe. Tirigu abale ake ndi balere ndi rayi, ndipo atatu amenewa ndiwo adani a wodwala siliyaki.

Akatswiri sanangokhulupirira zimenezi ndi pakamwa. Mu 2007 madokotala a ku Italy anaika puloteni wa mapira pa tizidutswa ta matumbo a odwala siliyaki, ndipo anadyetsanso odwala ochepa zakudya za mapira kwa masiku 5. Sanaone vuto. Mu 2013 akatswiri ena a ku Italy komweko anafufuza chibadwa cha mbewu ya mapira, napeza kuti tizigawo ta puloteni timene timautsa matendawa mulibemo. Choncho kaya ndi mapira oyera monga Kuyuma ndi Sima, mbewu zimene zinatulutsidwa kuno kwathu ku Zambia, kaya ndi ofiira a ku chigwa cha Gwembe, onse alibe guluteni.

Nanga guluteniyo amachita chiyani m'thupi la wodwala? Mkati mwa matumbo aang'ono muli tiubweya tambirimbiri tonga ta thaulo latsopano, ndipo ndi timeneti timayamwa chakudya kuti chilowe m'magazi. Wodwala siliyaki akameza guluteni, chitetezo cha thupi lake chimasokonezeka n'kuyamba kuononga tiubweyato, mpaka matumbo amasalala ngati thaulo lakutha limene silipukutanso madzi. Munthu amadya koma chakudya chimangodutsa. Mwana sakula, magazi amachepa, mimba imatupa, amatsegula m'mimba pafupipafupi kapena kudzimbidwa, ndipo amakhala wotopa nthawi zonse. Ena samva chilichonse m'mimba, chizindikiro chawo n'kuchepa magazi kosamva mapilisi. Mankhwala ochiza palibe. Chithandizo ndi chimodzi chabe: kuleka guluteni moyo wonse.

Amene anagwira wakubayo anali dokotala wa ana wa ku Netherlands, Willem Dicke. Pa njala yaikulu ya 1944 mpaka 1945, buledi atasowa chifukwa cha nkhondo, ana ake odwala matendawa anayamba kupeza bwino, ndipo buledi atabwerera anadwalanso. Analemba zimenezi mu 1950. Kuyambira pamenepo anthu ambiri anaganiza kuti awa ndi matenda a azungu. Koma mu 1999 ofufuza anapima ana a mtundu wa Asaharawi m'misasa ya othawa nkhondo ku Algeria, kumene chakudya chachikulu ndi fulawa, napeza kuti pafupifupi mwana mmodzi pa ana 18 aliwonse anali nawo. Padziko lonse ndi pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 100. Matendawa amayenda m'banja, koma sangaoneke ngati munthu sakumana ndi tirigu. Agogo athu amene ankadya nsima m'mawa, masana ndi madzulo sankakumana naye kwenikweni. Ife a m'komboni timakumana naye tisanasambe n'komwe.

Taganizirani tsiku la mwana wa sukulu ku Kanyama kapena ku George. M'mawa tiyi ndi buledi kapena mabanzi. Pa buleki vitumbuwa, masikono kapena mabisiketi a pa kantemba. Akaweruka, samusa kapena soseji, ndipo masoseji ambiri amaikamo nyenyeswa za tirigu kuti achuluke. Madzulo ndiwo zothira supu ya m'paketi, imene nthawi zambiri amailimbitsa ndi fulawa. Nsima ya chimanga ilibe guluteni, mpunga ulibe, kandolo, chinangwa, nyemba, kapenta ndi chibwabwa zilibe. Ndiye kwa ife mapira sabwera kudzapulumutsa nsima. Ntchito imene tikuwafunira ndi ya m'mawa ndi ya pa buleki, pamene tirigu anakhazika mpando wake.

Mwana wa mng'ono wanga anapezeka ndi siliyaki ali ndi zaka 11, akuoneka ngati wa zaka 8. Anamupima magazi, mayeso amene pa pepala la labu amalembedwa tTG-IgA, kenako anamulowetsa kachubu kukamwa n'kutenga kachidutswa ka matumbo. Dokotala atanena kuti tirigu aleke, mayi wake anandiyang'ana nati: "Ba sisi, manje ine nizagulisa chani?" Sanafunse mopanda chifundo. Lendi ya nyumba, yunifomu ya mwanayo ndi malasha a pa mbaula, zonse zimachokera m'beseni la vitumbuwa limene amakazinga mbandakucha uliwonse. Chakudya chimene chinali kudwalitsa mwana ndicho chinali kumulera.

Anachita zimene anauzidwa. Buledi analeka kumupatsa, vitumbuwa anamuletsa, nagula meda ya mapira ku Soweto, kukagayitsa, ndipo m'mawa uliwonse mwana ankamwa phala la mapira lothira nsinjiro. Patapita miyezi 6 anamupimanso magazi. Nambala ija inatsika pang'ono chabe, ndipo mimba inali kutupabe. Aneba anayamba kunena kuti mapira nawo ali ndi guluteni, ena kuti dokotala ananama, ena kuti nkhaniyi ndi ya kwa sing'anga.

Loweruka lina ndinagona komweko, ndipo m'mawa ndinakhala pa mpando n'kumangoyang'ana. Mng'ono wanga anasefa fulawa wa malonda, nagogoda sefa kawiri pa bondo, n'kusefera momwemo unga wa mapira wa phala la mwana. Kapu yotungira inali imodzi. Ungawo ankausunga m'thumba lakale la fulawa, chifukwa ndi lolimba ndipo limapezeka laulere. Mapira analibe mlandu. Tirigu anali kulowa m'phala kudzera pa khomo lakumbuyo.

Mungaganize kuti kafumbi kotsala m'sefa n'kochepa kwambiri. Tiyeni tiwerengere limodzi. Muyezo wa padziko lonse umati chakudya chitchedwe chopanda guluteni ngati guluteni wake sapitirira mamiligalamu 20 pa kilo imodzi. Tinene kuti mwagula makilo 10 a mapira. Malire anu ndi mamiligalamu 200 pa thumba lonselo. Mu fulawa wa buledi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 ndi guluteni. Ndiye kuti magalamu awiri kapena awiri ndi theka a fulawa afika kale pa malirewo, ndipo sipuni yaing'ono ya tiyi imanyamula pafupifupi magalamu atatu. Sipuni imodzi ya fulawa yakwana kuipitsa makilo 10 a unga wa mapira. Tikawerenga ndi njere, njere za tirigu 6 kapena 7 zosakanikirana mu kilo ya mapira zikhoza kuchita chimodzimodzi. Kafukufuku wina wa ku Italy wa mu 2007 anaonetsa kuti mamiligalamu 50 a guluteni tsiku lililonse kwa miyezi itatu amaononga matumbo a wodwala. Umenewo ndi theka la galamu ya fulawa, kochepa kuposa kamene kamamatira m'mawaya a sefa yogogodedwa kawiri.

Chimene tinasintha sichinafune ndalama zambiri. Mwana anagulidwa sefa yake, mthiko wake, kapu yake ndi ndowa yokhala ndi chivundikiro, zonse tinazipaka penti yofiira pa chogwirira. Mthiko ndi wofunika kusiyanitsa chifukwa mtengo uli ndi ming'alu imene imasunga phala lakale. Mapoto ndi mbale zachitsulo sizivuta, kutsuka bwino ndi sopo n'kokwanira. Phala la mwana limaphikidwa poyamba n'kuvundikiridwa, thumba la fulawa lisanatsegulidwe, ndipo kusefa fulawa kunasamukira panja chifukwa fumbi lake limauluka n'kugwera m'zakudya. Mafuta amene akazingira vitumbuwa sakazingiranso chilichonse cha mwana, pakuti moto supha guluteni, si kachilombo. Kugwira fulawa ndi manja sikudwalitsa, koma manjawo asambidwe asanapite kukamwa.

Pogula, tinaleka unga wogaya kale wa m'mabeseni a pamsika, chifukwa sudziwa chitini chimene chautunga. Timagula mapira a njere, kuwathira pa lichero, kusankha njere imodziimodzi, kutsuka ndi kuyanika. Tirigu savuta kumuzindikira: njere yake ndi yaitali, ili ndi mzere pamimba, pamene ya mapira ndi yobulungira ngati mkanda. Zigayo zambiri za m'komboni zimagaya chimanga, koma anthu amabweretsa zosiyanasiyana zosakaniza phala la ana, ndiye timafunsa. Mng'ono wanga amati: "Ba bosi, lelo mwagayako tirigu olo vosakaniza?" Akayankha kuti inde, amabwerera mawa lake. Akati ayi, amayamba wagayitsa chimanga cha banja lonse kuti chitsuke makina, mapira n'kubwera pambuyo, ndipo unga woyamba kutuluka umapita ku ndowa ya akuluakulu. Njira imeneyi si ya labu, siyingalonjeze kuti mulibiretu kanthu, koma imachepetsa ngozi kwambiri.

Tsopano buledi. Apa ndi pamene anthu ambiri amataya unga ndi mtima. Mu mtanda wa tirigu, guluteni amapanga ukonde wotanuka umene umakola mpweya wa isiti, monga baluni, ndipo buledi amafufuma. Kafirini sapanga ukonde umenewo. Mukatenga njira ya buledi wamba n'kungosintha fulawa ndi unga wa mapira, mudzatulutsa njerwa imene ikuyoyoka mukaidula. Buledi wa mapira sakandidwa. Amatakasidwa ngati keke, ndipo chomangirira chake chimachokera ku chinangwa ndi dzira.

Nayi njira imene imatiyendera. Unga wa mapira oyera wosefedwa bwino magalamu 350, unga wa chinangwa wosalala magalamu 150, madzi pafupifupi theka la lita, isiti masipuni aang'ono awiri, shuga sipuni yaikulu imodzi, mchere sipuni yaing'ono imodzi, mafuta masipuni aakulu awiri, ndi dzira limodzi. Mwa mawu ena, magawo 7 a mapira pa magawo atatu a chinangwa, ndipo madzi alemere mofanana ndi unga wonse. Tapani masipuni aakulu anayi a unga wa mapira uja, muphike kaphala kolimba ndi kapu imodzi ya madzi omwewo, kazizire mpaka kakhale kofunda. Kaphala kameneka kamamata ndipo kamasunga chinyezi. Sakanizani zonse, mutakase ndi mthiko kwa mphindi zitatu kapena zinayi. Chosakanizacho chikhale cholimba kuposa phala koma chofewa kuposa nsima, chogwa pa mthiko mwaulesi. Thirani m'chitini chaching'ono chopaka mafuta mpaka theka, vundikirani, ndipo chifufume kamodzi kokha, kwa mphindi 30 mpaka 45. Chisanafike pakamwa pa chitini, ikani mu uvuni wa madigiri 190 kwa mphindi 45 kapena 50. Ngati mulibe uvuni, kapena magetsi apita monga mwa masiku onse, ikani chitinicho mumphika waukulu wokhala ndi mchenga pansi, makala ochepa kunsi kwa mphika, ambiri pa chivundikiro.

Buledi akalakwika amadziulula yekha. Ngati pansi pa chikhokho pali dzenje lalikulu ndipo pamwamba pagwa, ndiye kuti anafufuma mopitirira kapena madzi anachuluka. Ngati pansi pali mzere wonyowa wonga ulimbo, chinangwa chachuluka kapena moto wapansi unachepa. Ngati akuyoyoka ndipo pamwamba pang'ambika kwambiri, madzi anachepa. Ngati akumveka mchenga m'mano, unga unali wokhakhala, sefaninso. Musamudule ali wotentha, dikirani maola awiri kuti mkati mugwirane. Ndipo ngakhale zonse zitayenda bwino, musayembekezere buledi wa m'shopu amene mumamufinya n'kubwerera. Uyu ndi wolemera, wotuwa, wokoma ngati mtedza wokazinga, ndipo pofika mawa lake wayamba kuuma. Chotsala timachidula n'kuchiwamba pa pani.

Kumene mapira amapambana osavutika ndi ku zakudya zimene sizidalira kufufuma kwambiri. Anthu a ku Sudan amasasitsa phala la mapira n'kulithira pa chiwaya, kupanga kisira, mkate wopyapyala ngati nsalu. Ku India amakanda unga wa mapira ndi madzi otentha n'kuuphwatalitsa ndi manja kukhala chapati. Ife timaponda nthochi zakupsa zitatu, kuthira kapu ndi theka ya unga wa mapira, dzira, soda pang'ono ndi mkaka wosasa, n'kuphika chikondamoyo chimene mwana amanyamula kusukulu. Anzake amamupempha, ndipo kwa mwana wa zaka zake chimenecho ndi chachikulu kuposa nambala ya ku labu. Mukagwiritsa ntchito bekingi pauda, werengani paketi, chifukwa ena amaikamo sitachi ya tirigu.

Zakumwa nazo zili ndi msampha wake. Munkoyo wa chimanga ndi mizu ulibe tirigu. Thobwa la chimera cha mapira kapena cha mawere nalonso lili bwino. Koma pali ophika maheu amene amathira fulawa pang'ono kuti asase msanga, ndipo pa botolo kapena paketi pakalembedwa liwu la Chingerezi lotanthauza chimera popanda kutchula mbewu yake, nthawi zambiri chimakhala cha balere. Kwa akuluakulu, mowa wotchedwa wa mapira ukhoza kukhalanso ndi chimera cha balere. Dzina la kutsogolo kwa botolo silokwanira, werengani timalemba ta kumbuyo.

Pa zomanga thupi, mapira sachepa kwa tirigu, koma ali ndi malire amene wodwala siliyaki ayenera kuwadziwa. Mapira ena ofiira kapena akhofi, aja owawira pa lilime amene mbalame zimawakana, ali ndi tanini, chinthu chimene chimagwira ayironi kuti asalowe m'magazi. Si ofiira onse ali choncho, koma kwa mwana amene magazi ake ndi ochepa kale, oyera ndiwo abwino, ndipo tiyi, amene nayenso ali ndi tanini, asamwere pa chakudya. Puloteni wa mapira ndi wosakwanira payekha ndipo amavutirapo kugayika akaphikidwa m'madzi. Kusasitsa phala usiku umodzi kumathandiza, ndipo nsinjiro, nyemba, kapenta kapena dzira zimakwaniritsa chimene chikusowa.

Chenjezo limodzi kwa inu amene mwawerenga zizindikiro zija n'kudziona. Musaleke tirigu musanapimidwe. Mayeso a magazi amafufuza asilikali amene thupi limapanga pomenyana ndi guluteni, ndipo mukaleka kudya buledi kwa milungu ingapo asilikaliwo amachepa, matumbo amayamba kuchira, mayeso n'kunena kuti muli bwino pamene muli nawo. Komanso kuno kwathu kusalala kwa matumbo kuli ndi zifukwa zina. Ofufuza a pa Yunivesite ya Zambia akhala akupima anthu a ku Misisi kwa zaka zambiri, ndipo apeza kuti ambiri tiubweya tawo ta m'matumbo n'tofupika chifukwa chokumana ndi tizilombo ta m'madzi ndi m'zakudya tsiku ndi tsiku, osati chifukwa cha tirigu. Njoka za m'mimba, TB ndi HIV nazo zimaondetsa ndi kutsegula m'mimba. N'chifukwa chake pamafunika magazi ndi kachidutswa ka matumbo pamodzi, ndi dokotala wowerenga zonse ziwiri. Mmodzi akapezeka nawo, makolo ake, abale ake a mimba imodzi ndi ana ake apimidwenso, pakuti mwa iwo pafupifupi mmodzi pa 10 amakhala nawo.

Miyezi 8 itapita chisinthireni sefa, nambala ya mwana uja inatsika kufika pafupi ndi ya munthu wabwinobwino. Siketi ya yunifomu anaifutukula mpendero kawiri chaka chimenecho. Mayi wake akukazingabe vitumbuwa, chifukwa lendi siidziwa siliyaki, ndipo mwanayo amamuthandiza kuwerenga ndalama madzulo, koma beseni salinyamula. Tsiku lina ndinamufunsa ngati amamukumbukabe buledi. Anati kukoma kwake anaiwala, chimene chimamuvuta ndi fungo la m'mawa, mafuta akatentha panja. Ndiye amatseka chitseko, n'kutenga mthiko wake wa chogwirira chofiira.